Mchimwene wanga akufuna K90,000 ya "VIP 2", ndimubwereke?

NaBanda_Kaunjika: Anzanga ndithandizeni nzeru. Mchimwene wanga wamng'ono anamaliza fomu 4 chaka chatha, ali pakhomo pompano. Masabata awiri apitawo mnzake wa kusukulu anamulowetsa pa gulu lina la pa WhatsApp. Anamupatsa linki ya kaapu kena, anaikamo K30,000 yomwe anapeza atagulitsa nkhunda zake. Ntchito yake akuti ndi kudina zithunzi za katundu zisanu pa tsiku, basi K1,500 yalowa. Akabweretsa munthu amamupatsa K3,000. Tsiku lachinayi anatapa K6,000 ndipo inalowadi pa foni, ndinaona ndi maso angawa, mpaka anandigulira fanta. Pano akuti alipo mwayi wokwera "VIP 2" ya K120,000 yopatsa K7,200 pa tsiku, koma kukwezedwako kutha Lamlungu. Akufuna ndimubwereke K90,000, ndipo ndalamayo ndi ya belo yomwe ndikukapikula Lolemba. Mtima ukukana koma mwana akuchita kulira. Alipo amene akuzidziwa zimenezi?

Kabaza_25: Belo kapikuleni asisi. Nkhani yatha.

Fada_Dola: Anthu a gulu lino chilichonse ndi utambwali basi. Ine ndili pa yofanana ndi imeneyo mwezi wachiwiri tsopano, ndatapa kanayi. Umphawi wina timauitana tokha ndi mantha.

MphunzitsiWaMasamu: Mayi NaBanda, musanayankhe mwanayo mukhale naye pansi ndi kope, mulembe mizere iwiri yokha: zomwe zatuluka m'thumba ndi zomwe zabwerera m'thumba. Zatuluka K30,000. Zabwerera K6,000. Zina zonse zomwe akuona pa foni ndi manambala omwe mwini kaapuko amalemba yekha, ngati mmene ine ndingalembere 100 pa pepala la mayeso la mwana yemwe sanalembe kalikonse. Ndiye pakadali pano mchimwene wanu sanapindule, ali m'dzenje la K24,000. Fanta munamwa ija inagulidwa ndi nkhunda zake zomwe.

Mutiuze, pa kaapuko pakuoneka ndalama zingati lero, ndipo n'chifukwa chiyani sakutapa zimenezo kuti akwerere VIP yakeyo?

NaBanda_Kaunjika: Ndamufunsa aphunzitsi. Pakuoneka K18,000. Akuti poyamba ankalola kutapa kuyambira K5,000, koma sabata ino asintha, a VIP 1 azitapa zikakwana K25,000. A VIP 2 okha ndiwo akutapa tsiku lililonse. Komanso ndalama yokwerera iyenera kukhala yatsopano, yotumiza pa foni, osati ya m'kati.

MphunzitsiWaMasamu: Eyaa, pamenepo ndi pamene ndimafuna tifike. Kampani ikukana ndalama yake yomwe. Ikudziwa kuti K18,000 ili pagalasi la foniyo si ndalama, n'chifukwa chake ikufuna ya belo yanu.

Tiyeni tikhale kumbali ya mwini gulu kwa kanthawi. Tinene kuti anthu 100 alowa ndi K30,000 aliyense, ndiye kuti wasonkhanitsa K3 miliyoni. Achotsepo K3,000 ya wobweretsa aliyense, yatsala K2.7 miliyoni. Walonjeza K1,500 pa tsiku kwa anthu 100, yomwe ndi K150,000 tsiku lililonse. Akamalipiradi onse, thumba liuma pa tsiku la 18. Pomwe munthu woika K30,000 amafunika masiku 20 kuti angobweza mpamba wake, phindu lisanayambe. Kuti asaume, tsiku lililonse afunika anthu atsopano asanu ndi mmodzi ongolipirira akale aja, ndipo aliyense wa atsopanowo mawa lake nayenso ayamba kuwerengera K1,500 yake. Ngongole ikukula mofulumira kuposa olowa.

Ndiye amatani? Amatseka mpopi pang'onopang'ono. Amakweza mlingo wotapira, amatulutsa VIP yapamwamba, amaika tsiku lotsekera kuti musapeze mpata woganiza. Zitatu zonsezi zachitika sabata imodzi kwa mchimwene wanu. Kwa ine zikuonetsa kuti olowa atsopano achepa, ndipo ayamba kukama omwe ali kale m'khola.

Fada_Dola: Aphunzitsi masamu anu akusowa chinthu chimodzi. Ndalama sizichokera kwa mamembala. Makampani akunja amalipira kuti katundu wawo aoneke kuti akukondedwa. Ndi malonda a pa intaneti amenewo, dziko linapita patsogolo.

MphunzitsiWaMasamu: Chabwino amwene. Ngati ndi ganyu yodina, n'chifukwa chiyani waganyu akuyamba walipira bwana? Ndipo n'chifukwa chiyani chala cha munthu wa K120,000 chikulipidwa kwambiri kuposa chala cha wa K30,000 pomwe akudina chithunzi chomwecho? Malipiro akutsata ndalama yomwe mwaika, osati ntchito yomwe mwagwira. Kudinako n'kongokupatsani chochita kuti muzimva ngati mwakhetsa thukuta.

Gogo_Mbewe_Byo: Ana anga, za kudina ndi kulemba ndemanga pa katundu zinatichitikira kuno ku Zimbabwe mu 2023. Inkatchedwa E-Creator. Anthu ankaika ndalama kudzera pa foni, n'kumauzidwa kuti akulembera ndemanga masitolo a pa intaneti. Inali ndi maofesi ku Harare, inkalengezedwa ndi anthu otchuka, ndiye aliyense ankati ikanakhala yabodza bwenzi ikubisala. Pakati pa chaka inangotseka, ena mwa akuluakulu ake anamangidwa. Kutchalitchi kwathu kuno ku Bulawayo alipo amayi awiri omwe mpaka lero sapatsana moni chifukwa wina ndi amene analowetsa mnzake.

Chisale_wa_ku_Joni: Agogo mwandikumbutsa MMM. Ndinafika ku Joni mu 2014, chaka chotsatira aMalawi tonse a m'nyumba yomwe tinkachita lendi tinali mmenemo. Ankalonjeza 30 peresenti pa mwezi. Sankanena kuti mukusungitsa ndalama ayi, ankati "mukuthandizana": umatumiza ku akaunti ya munthu yemwe sukumudziwa, iwo n'kukulembera timapointi totchedwa mavro. Mu 2016 inaima kuno, kumapeto kwa chaka chomwecho inaimitsanso kutapa ku Nigeria. Mwini wake, Sergei Mavrodi, anali atagwetsa kale MMM yoyamba kwawo ku Russia mu 1994 n'kukakhala kundende, koma ife tinkati amamuda ndi mabanki chifukwa akumasula amphawi. Anamwalira mu 2018. Ine ndinataya malipiro a miyezi iwiri ya ntchito ya m'gadeni.

Chomwe chikundidabwitsa n'chakuti ya MMM inali 30 pa mwezi ndipo tinkaiona ngati yamisala. Ya mwana wanuyi ndi 5 peresenti pa tsiku, kutanthauza 150 pa mwezi. Anyamata a masiku ano alibenso nthawi yonamiza anthu mwaulemu.

Achimwene_Mpamba: Pepani ndalowa mochedwa. Ngati vuto ndi loti ndalama yatumizidwa pa nambala yolakwika, thamangirani ku ofesi ya kampani ya foni ndi uthenga uja wotsimikiza, nthawi zina amaigwira isanatapidwe.

Kabaza_25: Madala werengani kuchokera pamwamba 😂 sinasochere ndalama, wasochera ndi mwana.

Achimwene_Mpamba: Ndawerenga tsopano, pepani. Koma poti ndine ejenti, ndinenepo zomwe ndimaona pa kauntala. Anyamatawa amabwera ndi nambala yolembedwa pa foni, ndikaiika limatuluka dzina la munthu wamba, osati la kampani. Mawa mnyamata yemweyo abwera ndi nambala ina, dzina lina. Ndikafunsa amati ndi "maejenti a kampani". Kampani yeniyeni yolandira ndalama kwa anthu mazanamazana imakhala ndi nambala ya bizinesi yokhazikika, ndipo dzina lake limatuluka lomwelo chaka chonse. Mayi NaBanda, onani pa uthenga wa K30,000 ija kuti inapita kwa ndani, muonenso K6,000 ija kuti inachokera kwa ndani.

NaBanda_Kaunjika: Ndaona. Yopita inapita kwa mzimayi wina, yobwera inachokera kwa bambo wina. Maina awiri osiyana, onse achiMalawi. Pomwe kampaniyo akuti ndi ya ku Ulaya.

Mai_Tadala: Koma ine ndisokonezekepo. Ku chipereganyu chathu cha kumsika timatumizirananso pa manambala a anthu wamba, ndipo wolandira amalandira ndalama za anzake. Ndiye kusiyana kwake kuli pati? Musatiopseze, mwezi wamawa ndi ine wolandira.

MphunzitsiWaMasamu: Landirani mwamtendere mayi. Mukakhala anthu khumi osonkha K20,000 pa mwezi, aliyense amaika K200,000 pa miyezi khumi n'kulandira K200,000 yomweyo kamodzi. Palibe walonjezedwa zoposa zomwe waika, ndipo simufunika munthu wa 11 kuti wa 10 alandire. Ku banki mkhonde phindu lilipo, koma mumaliona kochokera: ndi chiwongoladzanja chomwe abwereka aja akubweza, cholembedwa m'buku, bokosi likutsekulidwa pamaso pa onse. Vuto lanu lingakhale munthu wothawa atalandira, ndipo mumadziwa pakhomo pake.

Chomwe muyenera kusamala nacho ndi chija chimadzitchanso chipereganyu pa WhatsApp, chojambulidwa ngati duwa kapena bwato: mmodzi pakati, awiri, anayi, kenako asanu ndi atatu kunja. Asanu ndi atatuwo amapereka kwa wapakati, gulu n'kugawika pawiri. Kuti anthu 8 amenewo adzalandire onse pafunika atsopano 64, kuti 64 alandire pafunika 512, kenako 4,096. Mukapitiriza kuchulukitsa ndi 8, pa mzere wachisanu ndi chitatu mufika pa anthu 16,777,216. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi tinalipo 17.5 miliyoni, kuwerengera ndi makanda omwe.

Mai_Tadala: Duwa limenelo linandipezapo! Anandiuza kuti ndi la amayi opemphera okhaokha. Chinandipulumutsa ndi bandulo, inatha tsiku lotumiza.

Kabaza_25: Koyamba kumva bandulo ikuchitira munthu zabwino. Ineyo ya sabata imatha Lachitatu.

Nyerere_Weniweni: Imatha chifukwa umaonera magoli omwe tinakumwetsani mobwerezabwereza.

Kabaza_25: Iwe usayambe, tikumana pa Kamuzu.

Adimini_Zione: Za mpira kuli gulu lake abale. Mayi akudikira yankho Lamlungu lisanafike.

Shasha_wa_Poly: Ine ndinena zomwe ambiri akuopa kunena. Tonse tikudziwa kuti zinthu izi zimagwa. Nzeru ndi kulowa msanga, kubweza mpamba, kudya pang'ono n'kutuluka. Opusa ndi olowa mochedwa komanso adyera osafuna kutuluka. Mfanayo akanalowa tsiku lotsegulira bwenzi ataphula.

Chisale_wa_ku_Joni: Mbali ina ukunena zoona mphwanga, oyambirira ena amadyadi. Koma ndikufunse: umadziwa bwanji kuti walowa msanga? Linki ikamafika pa foni ya mwana wa ku Chilinde imakhala itadutsa m'manja angati? Aliyense amauzidwa kuti yangoyamba kumene. Ndipo kutulukako n'kosavuta pakamwa. Ine pa MMM ndinalandira koyamba, ndinabwezamo zonse ndi kuwonjezera, chifukwa ukaona zalowa umadzitukwana kuti unaikiranji zochepa. Malipiro oyamba aja ndi nyambo, amawerengera kale kuti nsomba ibwera ndi inzake.

Gogo_Mbewe_Byo: Ndipo chomwe wadyacho ndi cha ndani mwanawe? Si cha mzungu wa ku Ulaya. Ndi cha mnzako yemwe unamutumizira linki.

Shasha_wa_Poly: Agogo aliyense amalowa ndi maso ake. Kubetcha nakonso wina amadya za wina.

MphunzitsiWaMasamu: Wobetcha amadziwa kuti akubetcha. Uja unamutumizira sikirinishoti ya ndalama zolowa unamuuza kuti ndi ntchito.

Shasha_wa_Poly: Tisiyane pamenepo aphunzitsi, simundisintha lero.

Wotayika_2024: Ndakhala ndikungowerenga, koma ndilembe zanga mwina zithandiza mnyamatayo, poti ine ndinafika kumapeto kwa msewu umene iye wauyambawu. Dzina la kaapu sinditchula, linasintha kale kawiri.

Ndinalowa ndi K25,000 ya upkeep, chaka chachiwiri ku koleji. Pa gulu tinalipo mazana angapo. M'mawa uliwonse "aphunzitsi" a gululo, chithunzi cha mtsikana wokongola ndi nambala yakunja, ankatipatsa moni n'kuika masikirinishoti a anthu omwe atapa. Wina akafunsa funso lovuta, uthenga unkafufutidwa ndipo munthuyo sitinkamuonanso. Ankati akuchotsa anthu a maganizo obwezera m'mbuyo. Ine ndinkaombera m'manja.

Nditabweretsa anthu 12 anandilembera kumbali kuti andikweza kukhala mtsogoleri wa dera. Ntchito yake: anthu azitumiza ndalama pa nambala yanga, ine ndizisunga 3 peresenti, zotsala ndizitumiza komwe andiuze. Nthawi zina ankandiuza kuti ndilipire membala wakutiwakuti K8,000, nthawi zina nditumize zonse kwa munthu wogulitsa kiripito, ndalama za pa intaneti. Apa ndi pamene ndinayenera kudzidzimuka, chifukwa ndinkaona ndi maso anga kuti ndalama yomwe walowetsa Yohane m'mawa ndi yomwe ndikulipira Mariya masana. Koma 3 peresenti inkatsekemera.

Mapeto anayamba Lachinayi lina. Ukadina Withdraw pankalembedwa Pending. Anati makina akukonzedwa. Loweruka anati boma lalamula msonkho, aliyense alipire 20 peresenti ya ndalama zomwe zili pa akaunti yake kuti zitsegulidwe. Yanga inkaonetsa K410,000, ndiye ndinakatenga K82,000 ya katapila n'kutumiza. Lolemba gulu analiika pa Only admins, Lachiwiri linki inasiya kutseguka.

Tsono anthu sankadziwa mtsikana wa pa chithunzi uja. Ankadziwa nambala yanga, yolembetsedwa ndi chiphaso changa cha unzika. Anabwera ku hositelo. Ndinagona kupolisi masiku awiri, bambo anagulitsa njinga yamoto kuti tibweze ena mwa iwo. Patatha sabata wina anandilembera kuti ndi loya wothandiza kubweza ndalama zobedwa pa intaneti, ndingolipira K15,000 yotsegulira failo. Nambala yanga anaitenga kuti? Ndi omwewo, kubwera kudzakunkha.

Mayi NaBanda, funsani mchimwene wanu ngati anamupempha kale kuti azilandirira ndalama pa nambala yake. Zimenezo n'zoopsa kuposa K90,000.

NaBanda_Kaunjika: Mayo ine. Ndamufunsa pompano. Akuti anamuuza kuti akafika VIP 2 n'kubweretsa anthu asanu amupatsa udindo umenewo. Amaunyadira ngati wapeza ntchito ku Kanengo.

Fada_Dola: Zachisoni amwene koma yanuyo inali yabodza. Yathu ili ndi setifiketi, adimini anaiika pa gulu, yolembetsedwa ku boma ndi chidindo chomwe.

Wa_ku_SACCO: Fada, yang'anani bwino pepalalo kuti lachokera ku ofesi iti. Setifiketi yolembetsa dzina la bizinesi aliyense angaitenge, ngakhale wogulitsa mandasi, ndipo imangonena kuti dzinalo lilipo. Kulandira ndalama za anthu n'kuwalonjeza phindu kumafuna layisensi ina, yochokera kwa Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Mabanki, ma SACCO, makampani obwereketsa ndalama, a inshuwalansi, oyendetsa ndalama za penshoni, onse amadutsa kumeneko. Musafunse adimini ngati ali nayo, adzakutumizirani chithunzi china. Tengani dzina la kampaniyo mukafunse nokha ku Reserve Bank, maofesi ake alipo ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Ndipo pepala la ku Ulaya, ngakhale litakhala lenileni, silipatsa munthu chilolezo chotolera ndalama ku Ndirande.

Fada_Dola: Ndifunsa. Koma ndatapa kanayi, chimenecho simungachifufute.

MphunzitsiWaMasamu: Sitikufufuta. Tiuzeni mizere iwiri ija: mwaika zingati zonse pamodzi, mwatapa zingati?

Kabaza_25: Fada mwapita kuti?

Nyerere_Weniweni: Akuwerengera 😂

Dalitso_Mzuzu: Funso langa ndi la mbali ina pang'ono. Nanga awa ogulitsa tiyi wochepetsa thupi ndi mankhwala a zitsamba, omwe umagula katundu woyambira kenako n'kumabweretsa anthu pansi pako? Katundu alipo weniweni, mumamugwira. Alinso m'gulu lomweli?

Wa_ku_SACCO: Amenewo ndi ovuta kuwaika m'thumba limodzi. Ine ndimafunsa chinthu chimodzi: kodi alipo munthu wosakhala membala amene amagula tiyiyo pa mtengo umenewo chifukwa akumufuna? Ngati ogula onse ndi omwe akulowa, tiyiyo ndi chophimba chabe.

Mai_Tadala: Apo ndikana pang'ono. Mlamu wanga amagulitsa zodzola za mtundu umenewo kwa anthu a m'maofesi ndipo amalipirira ana fizi. Sanabweretsepo munthu ndi mmodzi yemwe.

Wa_ku_SACCO: Ndiye kuti iyeyo ndi wamalonda, ali ndi makasitomala. Koma mufunseni kuti mwa omwe analowa naye limodzi atsala angati, ndipo makatoni awo ali kuti.

Dalitso_Mzuzu: Anga ali pansi pa bedi, ndiye ndimafunsa.

NaBanda_Kaunjika: Tibwerere kwa ine abale. K90,000 sindipereka, zimenezo ndatsimikiza. Koma nanga K30,000 yake? Adikire zikwane K25,000 atape, kapena angozisiya? Komanso anzake awiri omwe anawalowetsa, mmodzi ndi mwana wa aneba.

MphunzitsiWaMasamu: Kuchoka pa K18,000 kufika K25,000 ndi masiku asanu a kudina. Kudina sikulipiritsa, adine, ayese kutapa. Koma lamulo likhale limodzi: asatumizenso ngakhale K500, kaya aitcha msonkho, kaya yotsimikizira akaunti, ndipo asabweretsenso munthu kuti zikwane msanga. Ajambule zonse lero lomwe, mauthenga a ndalama, manambala, maina, zolemba za adimini, chifukwa gulu likatsekedwa zimapita. Anzake awiri aja awauze yekha usiku uno, asanamve kuti kuli VIP 2.

Wotayika_2024: Ine ndikanati achotseretu kaapuko. Sikachokera ku Play Store, kamabwera ngati failo ya APK, ndipo kanga kanapempha kuona mauthenga ndi manambala onse a m'foni. Komanso masiku asanu amenewo akhala akuwerenga masikirinishoti a anzake a VIP 2. Simukudziwa mmene zimakokera. Akapeza K90,000 kwina.

Gogo_Mbewe_Byo: Ndipo ngakhale atatapa, ndi ndalama ya mwana wa munthu wina.

Chisale_wa_ku_Joni: Agogo pamenepa ndiye ayi, akungotenga yake yomwe anaika. Akapyola pa K30,000 ndiye tikambe zina.

Achimwene_Mpamba: Kaya adikira kaya achotsa, PIN ya pa foni asinthe lero, makamaka ngati anaika yofanana pa kaapuko. Ambiri amatero. Manambala awiri aja mukawapereke ku kampani ya foni ndi kupolisi. Musayembekezere kuti ndalama ibwerera, kawirikawiri imakhala itatapidwa tsiku lomwelo, koma nambala ikhoza kutsekedwa.

NaBanda_Kaunjika: Kupolisi mwanayu akukana kupita, akuti amuseka komanso akuopa kuti amugwira poti analowetsa anthu. Takambirana mpaka usiku. Mizere iwiri ija walemba yekha, anakhala chete nthawi yaitali. Kenako wati ayese kufunsa pa gulu lawo kuti n'chifukwa chiyani sangakwere VIP 2 ndi ndalama ya m'kati. Ndinamuuza kuti funsa.

Kabaza_25: Ayankha chiyani?

NaBanda_Kaunjika: Sanayankhe. Pasanathe mphindi khumi uthenga wafufutidwa, iye amuchotsa pa gulu. Kaapu kakutsegukabe, K18,000 ikuonekabe, koma batani la Withdraw lasanduka lotuwa. Wapita kwa aneba kukauza mnzake uja, wapeza kuti mnzakeyo anatumiza kale K90,000 dzulo masana, ya mayi ake ya feteleza. Mayiwo sakudziwa. Ndiye pano tikukangana kuti akawauze ndani, iye kapena ine.

Fada_Dola: Funso, Pending ikakhala masiku awiri ndi netiweki kapena?